Ulonda wa usiku: nkhondo ya 4 koloko m'bandakucha imapambanidwa masana

"Mayi, ine ndine mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Kanengo, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimayenda pa njinga. Ndili ndi zaka 41. Ndimalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku 6 pa sabata, chino n'chaka chachiwiri. Ndikafika kunyumba ndimagona maola atatu okha, ikamati 11 koloko ndili maso gwa. Kuntchito nako ikamakwana 4 koloko tulo timandigonjetsa, chonsecho tiyi ndimamwa usiku wonse. Mwezi watha andipeza ndikusinza kawiri, andidula malipiro. Nsima ndimadya pakati pa usiku, chilungulira sichindisiya, mimba nayo ikukula. Mnzanga akuti ndizimwa piritoni masana. Kodi ndikudwala?"

Bambo, mtima pansi. Pa zimene mwalembazi sindikuonapo ulesi, ndipo mwina palibenso matenda. Ine ndagwira naiti mu wodi kwa zaka zambiri, ndipo ola limene limakugwetsanilo ndimalidziwa bwino. Usiku wina ndinaima pambali pa bedi la wodwala, wotchi ili m'manja, ndikuwerenga madontho a diripi. Ndinafika pa dontho la 12, kenako ndinangozindikira kuti mphindi yatha kalekale ndipo sindikudziwa pamene ndinalekezera. Maso anali otsegula, miyendo ili chilili, koma mutu unali utazima. Katulo kakuba kotereka kamatenga masekondi ochepa chabe, ndipo mwini wake nthawi zambiri amalumbira kuti sanagone. Ukakafikira pamenepo kulimba mtima sikuthandizanso. Chothandiza ndi zimene unachita masana, usanalowe n'komwe ntchito.

Tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi ngongole: munthu akakhala maso, thupi limalemba ngongole ya tulo ola ndi ola, ndipo imabwezedwa pogona basi. Chachiwiri ndi wotchi imene ili mu ubongo, chakumbuyo kwa maso, imene imatchera nthawi yake poona kuwala. Kukada, wotchiyi imalamula kuti thupi litulutse melatonini, madzi a m'thupi olengeza kuti kwada. Kutentha kwa thupi kumayamba kutsika, ndipo kumafika pansi penipeni cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'bandakucha. N'chifukwa chake nthawi imeneyo mumamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, ndipo zikope zimalemera ngati wina wazimangirira miyala. Dzuwa likatuluka wotchi ija imatembenuka, melatonini amatha, thupi limayamba kutentha, matumbo ndi impso zimadzuka. Ndiye inu mukagona 8 koloko, ngongole yokha ndiyo imakugonetsani. Ikangochepako pang'ono, wotchi imakudzutsani, chifukwa kwa iyo dzuwa latsala pang'ono kuswa mtengo ndipo munthu sayenera kukhala pamphasa.

Tsopano tiwerenge limodzi. Mumadzuka 11 koloko m'mawa. Kuchokera pamenepo kufika 4 koloko m'bandakucha ndi maola 17 muli maso. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anasonyeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchita zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa, tinene mabotolo awiri. Maola 17 anuwo akukwanira pa ola lenileni limene wotchi ya thupi ili pansi penipeni, ndiponso mwabwera ndi maola atatu okha a tulo pamene munthu wamkulu amafunika 7 kapena kuposerapo. Zinthu zitatu zakumana pa geti limodzi. Chodabwitsa si chakuti anakupezani mukusinza kawiri, koma kuti masiku enawo munkapirira bwanji.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukagwira naiti zaka ziwiri thupi limazolowera, usiku n'kusanduka usana. Kwa ambiri sizitero, ndipo kuno kwathu n'kovutirapo, chifukwa mlonda amakhala mu mdima usiku wonse kenako n'kukumana ndi dzuwa lowala kwambiri pobwerera kunyumba. Wotchi imamvera dzuwalo, osati ndandanda ya abwana. Choncho musalimbane ndi kuitembenuza yonse. Cholinga chikhale chaching'ono: kuikankhira kutsogolo pang'ono kuti tulo ta m'mawa titalike, ndi kuwonjezera tulo tachiwiri masana kuti maola 17 aja adulidwe pakati.

Ndiyambe ndi tulo tachiwirito, chifukwa ngati mungasinthe chinthu chimodzi chokha sabata ino, chikhale chimenechi. Chakumasana, nthawi imene anthu amawodzera akadya nkhomaliro, wotchi ya thupi imafooka pang'ono ngakhale kwa amene anagona bwino usiku. Mpata umenewo ndi wanu. Mugone 3 koloko, mudzuke 4:30. Ndikuti ola limodzi ndi theka chifukwa tulo timayenda mozungulira, kuchoka pa topepuka kupita pa tofa nato n'kubwereranso, ndipo ulendo umodzi umatenga pafupifupi mphindi 90. Mukadzutsidwa pakati pa tulo tofa nato, mutu umakhala wolemera kwa theka la ola, osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Ngati tsikulo mulibe mphindi 90, mugone mphindi 20 kapena 30 zokha, musanalowe mwakuya. Mukadzuka 4:30 madzulo, pofika 4 koloko m'bandakucha mwakhala maso maola 11 ndi theka, osati 17. Tulo tidzabwerabe, musanamizike, koma tidzabwera togogoda, osati tothyola chitseko.

Masiku oyamba mwina mudzangogubuduka osagona. Mugonebe pa nthawi yomweyo, maso otseka, foni ili patali. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri thupi limayamba kuyembekezera ola limenelo.

Tsopano ulendo wa m'mawa, umene ine ndimauona kuti ndiwo umawononga tulo ta alonda ambiri. Ku Lilongwe mu Novembala dzuwa limatuluka 5 koloko itangodutsa, mu Juni ndi Julayi cha m'ma 6. Ndiye kuti pafupifupi chaka chonse mumapalasa njinga kunja kutayera. Kuwala kwa panja, ngakhale kuli mitambo, kumaposa kutalitali babu la m'nyumba, ndipo kuwala kwa m'mawa n'kumene wotchi ija imakumvera kwambiri. Kukangoyamba kuyera valani chipewa cha mlomo ndi magalasi akuda, a pamsika omwewa, bola akhale akuda ndithu ndi okuta m'mbali. Muwavale mpaka mutalowa m'nyumba. Koma pali malire. Ngati m'mawa umenewo tulo takugwirani moti njinga ikupita uku ndi uku, vulani magalasi, tsikani, muyende mukuikankha kwa mphindi zingapo. Msewu wa ku Kanengo uli ndi mathiraki, ndipo kutaya ola la tulo n'kwabwino kuposa kutseka maso pa chiwongolero.

Musapatuke. Ndikudziwa kuti m'mawa ndi pamene munthu amafuna kudzera pamsika, kukalipira ngongole, kuona mnzake wa pa okala, kumva za mpira wa dzulo. Zonsezo zidikire 1 koloko. Zenera la tulo ta m'mawa ndi lalifupi ndipo limatsekeka lokha dzuwa likamakwera. Mphindi 40 zimene mwataya panjira sizibwezedwa kumapeto, chifukwa wotchi idzakudzutsani pa nthawi yake yomweyo kaya munagona 7 kaya 9. Mukafika musambe, mudye pang'ono, ndipo pasanakwane 7:30 mukhale muli m'bulangete. Osagona ndi njala, njala imadzutsa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata ndi nthochi, n'zokwana. Madzi mumwe ochepa pa nthawiyi, chifukwa masana impso sizichepetsa mkodzo monga zimachitira usiku, ndipo chikhodzodzo chimadzutsa anthu a naiti ambiri amene amaganiza kuti tulo tawathera.

Chipinda chikhale cha mdima weniweni. Muyeso wake ndi uwu: mutatseka chitseko, tambasulani dzanja kutsogolo kwanu. Ngati mukuona mizere ya pachikhatho, mukadali kuwala. Katani wamba sakwanira. Matani makatoni pa zenera, kapena khomererani bulangete lakale lochindikala, ndipo pansi pa chitseko ikanipo chiguduli. Kumene kwatsala, monga m'mipata ya pakati pa khoma ndi malata, mangani kansalu kakuda m'maso. Za phokoso, timphira totseka m'makutu timapezeka m'masitolo a mankhwala ndi a zipangizo zomangira, ndipo thonje limathandizako pang'ono. Ena amayatsa wailesi pamalo popanda siteshoni kuti izingoti shii motsitsa, phokoso losasinthali n'kumabisa kulira kwa ana ndi kugogoda kwa oyandikana nawo.

Kutentha ndi nkhani ina, ndipo ndisakunamizeni kuti ili ndi yankho lokwanira. Thupi limagona bwino likamazizira, pamene nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala imasanduka uvuni pofika 10 koloko. Zimene ndaona zikuthandiza ndi izi: kugona pamphasa pansi, chifukwa mpweya wotentha umakwera m'mwamba, kusankha chipinda chimene sichiwombedwa ndi dzuwa la m'mawa, kufunda chitenje chonyowetsa n'kufinya, ndi kukhoma mphasa kapena makatoni kunsi kwa malata pamwamba pa pogona. M'miyezi yotenthayi tulo ta m'mawa tidzafupika ndithu, mwina kufika 11 yomweyo. Pamenepo talikitsani tachiwiri, ndipo mutsegule zenera la mbali ya mthunzi, maso mutamanga.

Mayi a kunyumba muwakhazike pansi muwafotokozere ndi manambala. Muwauze kuti 9 koloko m'mawa kwa inu ili ngati pakati pa usiku kwa iwo, ndipo munthu sadzutsidwa pakati pa usiku kuti apereke ndalama ya tomato. Ndalama ya ndiwo isiyidwe musanagone. Mlendo auzidwe kuti abwere 1 koloko. Ambiri sachita dala, amangoona mwamuna ali chigonere dzuwa lili pamutu n'kumaganiza kuti akungopumula.

Mukachita zimenezi, tsiku lanu likhoza kuoneka chonchi. Kugona 7:30 mpaka 12 kapena 12:30, maola anayi ndi theka kapena asanu. Kudzuka, kudya nkhomaliro ndi banja, kuchita za pakhomo. Kugonanso 3 koloko mpaka 4:30. Pamodzi ndi maola 6 kapena 6 ndi theka, kuwirikiza kawiri zimene mukupeza lero. Sanafike pa 7, koma kwa munthu wa shifiti ya maola 12 ndi poyambira pabwino, ndipo kusiyana kwake mudzakumva m'mawondo.

Madzulo magalasi aja akhale m'thumba. Kuwala kumene kumakuvutitsani m'mawa, madzulo ndi bwenzi lanu, chifukwa kuwala kwa madzulo ndi kwa chigawo choyamba cha usiku kumachedwetsa wotchi, kuikankhira kumene tikufuna. Mukadzuka 4:30 tulukani panja, ndipo popita kuntchito lolani dzuwa likuwombeni. Kuntchito, namwino ali ndi mwayi chifukwa pa tebulo lake pali magetsi. Mlonda zake n'zina. Mukakhala mu kachipinda kowala kwambiri, akuba amakuonani inu osawaona, ndipo maso akachoka powala amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti azolowerenso mdima bwinobwino. Ndiye sindingakuuzeni kuti muyatse babu usiku wonse. Chimene chingatheke n'chakuti kuyambira polowa mpaka cha m'ma 2 koloko, nthawi yolemba m'buku, yodya ndi yopumula muzikhala pamalo owala kwambiri amene alipo, kaya pansi pa getsi la pageti kaya mu kachipinda muli nyale yotchaja, kwa mphindi 15 kapena 20 pa ola. Musanayambe kuzungulira mpanda, imani kaye pamdima pang'ono. Ngati muli awiri n'kosavuta, wina powala wina pamdima, mosinthana. Kuwala kwa foni n'kochepa pa ntchito imeneyi, ndipo foni imakukhazikani pansi mutu uli chowerama, mmene tulo timakondera.

Pakati pa 3 ndi 5 koloko mpando ndi mdani. Konzani kuti ntchito zoyenda zigwere pamenepo: kuzungulira, kugwedeza maloko, kuwerenga magalimoto. Sambani kumaso ndi madzi ozizira, lankhulani ndi mnzanu. Zizindikiro zoti katulo kakuba kafika ndi kuyasamula kosalekeza, mutu kugwa n'kudzidzimuka, kuwerenga mzere umodzi katatu, kapena kusakumbukira kuti mbali ina ya mpanda mwadutsako kapena ayi. Mukaona chimodzi, imirirani pomwepo. Kumalo ena a ntchito amalola kuti anthu awiri azisinthana kugona mphindi 20 pa nthawi yopumula, ndipo n'zothandiza kwambiri. Koma zikhale zovomerezedwa ndi akuluakulu anu, osati zobisa, chifukwa ntchito ingakuthereni. Ngati pali wokumverani, kapempheni poyera.

Pali chinthu china chimene ndimachiopa kwa alonda m'nyengo yozizira: mbaula mu kachipinda kotseka. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndiye munthu amaganiza kuti ndi kutopa kwa naiti, n'kugona osadzukanso. Mbaula ikhale panja. Ngati mutu umakupwetekani usiku umene mwaotha moto mkati, osafunanso chifukwa china.

Tiyi. Simunalakwe kumwa, mwalakwitsa nthawi. Kafini amene ali mu tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zija zopatsa mphamvu sabweza ngongole ya tulo, amangotseka pakamwa wobwera kudzaitanitsa. Ndipo amachedwa kuchoka m'thupi: pakatha maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadalimo. Kapu ya 5 koloko m'bandakucha, imene mumamwa kuti mumalize shifiti, imakhala ikugwirabe ntchito 10 koloko muli pamphasa. Imeneyo ndi imodzi mwa zimene zikukudzutsani 11. Kenako mumalowa ntchito muli otopa, mumamwa tiyi wambiri, mawa lake tulo n'kuchepanso, chingwe chake n'chomwecho. Muchite chonchi: kapu imodzi polowa, ina cha m'ma 10, yomaliza isapitirire 1:30, kuti pakhale maola 6 musanagone. Yomalizayo idzakhala ikadali ndi mphamvu pa 4 koloko. Kuyambira pamenepo mu fulasiki mukhale madzi otentha a mandimu kapena a jinja. Masiku atatu kapena anayi oyamba mutu ukhoza kuwawa pang'ono chifukwa chochepetsa, umasiya wokha. Shuga muwerengenso. Masipuni atatu pa kapu, makapu 6 pa usiku, ndi masipuni 18. Mimba imene mukuti ikukulayo, mbali ina ikuchokera mu fulasiki.

Za nsima ya pakati pa usiku. Matumbo nawo ali ndi wotchi. Usiku chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo thupi silimvera bwino insulini, madzi a m'thupi otsitsa shuga, ndiye mbale yomweyo ya nsima imakweza shuga wa m'magazi kwambiri mukaidya 12 koloko usiku kuposa mukaidya masana. Mukadya mitanda itatu n'kukhala pampando chopindika, asidi amakwera kummero, ndicho chilungulira chanucho, ndipo tiyi wowirira amawonjezera moto. Patapita maola angapo kukhuta kuja kumakumana ndi ola loipa lija, tulo n'kuwirikiza.

Sindikuti musiye nsima. Isunthireni kumene thupi limaiyembekezera. Nkhomaliro ya 1 koloko ikhale chakudya chachikulu, nsima ya mgaiwa ngati ilipo, nyemba kapena usipa, ndi masamba ambiri. Chakudya chachiwiri mudye cha m'ma 5 musananyamuke, kapena munyamule mukadye kuntchito pasanakwane 8 koloko. Kuyambira pakati pa usiku mpaka kucha m'mimba musalowe cholemera. Njala ikakugwirani, mtedza wokazinga wodzaza dzanja, dzira lophika, nthochi, kapena kachidutswa ka mbatata n'zokwana. Mandasi, zitumbuwa, tchipisi cha pachiwaya ndi thobwa lotsekemera zimakukwezani kwa kanthawi n'kukugwetsani. Madzi muzimwa pang'onopang'ono usiku wonse, muchepetse kukamacha. Sabata yoyamba mimba idzadandaula 12 koloko chifukwa munaizoloweza, ipatseni mtedza. Pogona m'mawa, ngati chilungulira chikuvutabe, gonerani kumanzere ndipo kumutu kukhale kokwererako.

Tsiku lanu lopuma ndi limodzi, ndiye musalitembenuze lonse. Anthu ambiri akaweruka naiti yomaliza sagona n'komwe kuti "asataye tsiku", usiku n'kugona 8 koloko, m'mawa kudzuka ndi nkhuku, kenako n'kulowa ntchito madzulo ake ali maso kuyambira 5 koloko. Naiti yoyamba ya sabata imakhala yoopsa kuposa zonse chifukwa cha zimenezi. Inu mukaweruka mugone monga mwa masiku onse mpaka 12, tulo tachiwiri mulumphe, mucheze ndi banja, usiku mugone mochedwa cha m'ma 12 kapena 1, ndipo mawa lake mudzuke mochedwa momwe mungathere, 9 kapena 10. Masana ake 3 koloko mugonenso musanalowe. Mukatero pamakhala maola ena a m'mawa amene mumagona tsiku lililonse la sabata, ndipo wotchi imapeza pogwira. Ngati kupemphera kapena maliro akudzutsani m'mamawa, palibe mlandu, koma tulo ta masana tsiku limenelo tisaphonyeke. Namwino amene amagwira naiti zitatu kapena zinayi kenako n'kubwerera masana, iye njira yake ndi ina: pa tsiku lomaliza agone maola atatu kapena anayi okha, atuluke padzuwa, usiku agone pa nthawi ya anthu onse.

Piritoni musamwe. Ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, tulo ndi zotsatira zake chabe. Amakhalitsa m'thupi, moti amene mwamwa 8 koloko m'mawa amakhala akadalimo usiku muli pageti, ndiye mukuthira mafuta pa moto umene mukufuna kuzimitsa. Pakatha masiku ochepa sagonetsanso monga poyamba, munthu n'kuyamba kumwa awiri. Amaumitsa kukamwa, ndipo kwa abambo ena amavutitsa pokodza. Dayazipamu wogula mwamseri ndiye woipirapo, amazolowereka msanga ndipo kumusiya kumavuta. Kachasu kapena kabotolo ka m'mawa "kobweretsa tulo" kamagonetsa msanga ndithu, koma mowa ukamatha m'thupi umadula tulo pakati, umakodzetsa ndi kukulitsa mkonono. Ndaona anthu angapo amene uchidakwa wawo unayambira pa kabotolo ka pambuyo pa naiti.

Yesani ndondomekoyi kwa milungu itatu kapena inayi. Kumbuyo kwa kope muzilemba tsiku lililonse nthawi imene mwagona, imene mwadzuka, ndi ya tiyi womaliza. Ngati papita mwezi mukuchita zonsezi koma simukufikabe maola 5 pa tsiku, kapena mukusinzabe pantchito ndi pa njinga, tengani kopelo mupite nalo kuchipatala. Limathandiza dokotala kuposa kungonena kuti "sindigona".

Pali zina zosadikira mwezi. Funsani mayi a kunyumba ngati mumaliza mkonono waukulu, n'kumaima kupuma kenako n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa. Vuto limeneli limakonda abambo a msinkhu wanu amene thupi likukula, limachititsa kuti munthu adzuke ali wotopa ngakhale agone maola 8, limakweza bipi, ndipo makatoni a pazenera sangalithetse. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuona mwachimbuuzi kapena zilonda zochedwa kupola, kayezetseni shuga. Ngakhale popanda zizindikiro, pa zaka 41 ndi mimba imene ikukula, kayezetseni bipi ndi shuga tsopano, kenako chaka chilichonse, chifukwa anthu ogwira usiku kwa zaka zambiri matenda awiriwa amawapeza kawirikawiri kuposa anzawo a masana. Chilungulira chikabwera ndi kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kuvutika kumeza kapena kuonda, pitani msanga. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa kobwera mukamapalasa njinga pa chitunda musakutche chilungulira, kakuonetseni tsiku lomwelo. Kutentha thupi ndi kuphwanya musakuike pa kutopa, mlonda amadyedwa ndi udzudzu usiku wonse popanda neti, kayezetseni malungo, ndipo muzivala zofika m'mikono ndi masokosi. Mukaona kuti palibe chikukusangalatsani, mukupsa mtima ndi ana pa zazing'ono, kapena maganizo ofuna kudzivulaza akubwera, kalankhuleni ndi achipatala osazengereza.

Simunanene ngati muli pa mankhwala ena alionse. Ngati muli nawo, pa ulendo wotsatira muwauze achipatala mawu awa: "Ndimagwira usiku, ndimagona m'mawa." Malangizo akuti "kumwa m'mawa" kapena "pogona" analembedwa poganizira munthu wogona usiku. Mankhwala a bipi okodzetsa mukamwa 7 koloko n'kukagona, adzakudzutsani kawiri katatu. Mwa mankhwala otalikitsa moyo, ena amasowetsa tulo, ena amapatsa chizungulire ndi kuwodzera, ndiye nthawi yomwera imafunika kugwirizana ndi shifiti. Wa matenda a shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asasunthe nthawi ya chakudya monga ndafotokozera muja asanakambirane ndi dokotala wake, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri ali yekha pageti, ndipo azikhala ndi switi kapena shuga m'thumba. Wa khunyu, kusowa tulo kumaputa kugwa, ndipo kwa iye ndi bwino kupempha kalata ya kuchipatala yoti asinthidwire masana. Nthawi yomwera mankhwala musaisinthe nokha, ndipo popita mutenge buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi kope la tulo lija.